Kufunsa ganyu m'magulu a WhatsApp ku Joni popanda kutopetsa anthu

Aliyense amene ali m'gulu la WhatsApp la Amalawi kuno ku Johannesburg amaudziwa uthenga uja umene umafika pafupifupi m'mawa uliwonse, wakuti, "Abale, amene akudziwa ntchito iliyonse andithandize, ndikungokhala." Wolemba uthengawo amakhala kuti alidi pa mavuto, lendi yayandikira ndipo kumudzi akudikira, choncho sindikufuna kumunyoza. Chimene ndikufuna kuonetsa ndi chakuti uthenga wotere kawirikawiri subala kanthu, ndipo ukabwerezedwa tsiku ndi tsiku m'magulu ambirimbiri umayamba kumutsekera mwini wake mwayi umene akanatha kuupeza. Ndikamba makamaka za ntchito za m'makomo, monga ya m'galadeni, ya m'nyumba ndi maganyu openta, chifukwa ndi zimene ambiri mwa ife timayambira, ndiponso ndi zimene zimadalira kwambiri mawu a munthu wina.

Choyamba ndi kufunsa kuti kodi m'gulumo muli ndani. M'magulu athu ambiri mulibe mabwana. Muli anthu ofuna ntchito, ndi anthu amene ali kale pa ntchito koma akufuna yoonjezera. Munthu akalemba kuti akufuna ntchito iliyonse, uthenga wake umagwera m'manja mwa anthu amene akufunanso chomwecho, ndipo zimakhala ngati wogulitsa tomato amene akuitanira malonda kwa anzake ogulitsa tomato pa mzere womwewo. Mabwana a ku Northcliff, Bryanston kapena Randpark Ridge ali ndi magulu awoawo a m'misewu ndi m'madera awo, mmene amakambirana za chitetezo, za magetsi ndi madzi, komanso kufunsana kuti, "Kodi alipo akudziwa munthu wodalirika wa m'galadeni?" M'magulu amenewo ife sitilowamo, ndipo palibe linki imene ingatilowetse.

Komabe magulu athu ali ndi chinthu chimodzi cha mtengo wapatali. Muli anthu amene tsiku lililonse amalowa m'mipanda ya mabwanawo. Mayi amene amagwira ntchito m'nyumba ku Fourways ndiye amayamba kumva kuti oyandikana nawo akufuna munthu wa Lachinayi, ndipo bambo amene wasamalira galadeni imodzi kwa zaka zambiri ndiye amafunsidwa ndi abwana ake ngati ali ndi m'bale wodziwa kupenta. Anthu amenewa akatchula dzina la munthu, amakhala akuika ntchito yawo pachiswe, chifukwa wotchulidwayo akaba, akajomba kapena akawononga makina, mlandu umabwerera kwa amene anamubweretsa. Ndiye chifukwa chake sayankha uthenga wa munthu amene sakumudziwa, ngakhale atakhala kuti malo akuwadziwa. Cholinga cholowera m'gulu, tsono, ndi chakuti munthu mmodzi kapena awiri a mtundu umenewu akudziweni mokwanira kuti asachite mantha kukutchulani. Zonse zotsatirazi zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Magulu onse si ofanana pa nkhaniyi. WhatsApp imalola gulu limodzi kukhala ndi anthu okwana 1,024, ndipo magulu amene amadzaza chonchi ndi aja amene linki yake imayenda paliponse pa Facebook, olembedwa kuti ndi a ntchito. M'menemo palibe amene amadziwa mnzake, mauthenga amathamanga mazanamazana pa tsiku, ndipo ndi mmene akuba amakonda kuponyamo mbedza zawo. Magulu amene amathandiza ndi ang'onoang'ono, amene anakhazikitsidwira chinthu china osati ntchito: gulu la mpingo kapena la mzikiti, gulu la anthu a boma limodzi la kumudzi, gulu losonkherana pa maliro, gulu la chipereganyu, gulu la anthu okhala dera limodzi monga Cosmo City, Turffontein kapena Mayfair. M'magulu amenewa anthu amaonana maso ndi maso, ndipo dzina la pa foni limakhala ndi nkhope yake.

Kalowedwe kake kalinso ndi ntchito. Kulowetsedwa ndi munthu amene ali kale m'gulumo, amene anganene kuti, "Awa ndi achimwene anga, timapemphera limodzi," kumaposa kulowa nokha podina linki, chifukwa mawu ochepa amenewo ndiwo umboni woyamba umene gulu limaumva. Mukalowa, werengani malamulo amene alembedwa pansi pa dzina la gulu, ndi uthenga umene adimini anaukhomera pamwamba ngati ulipo. Kenako khalani kaye sabata imodzi kapena ziwiri mukuonerera, kuti mudziwe amene amalankhula anthu n'kumvera, nthawi imene anthu amakhala pa foni, ndi mmene adimini amachitira ndi otsatsa malonda. Ngati ndi gulu la maliro, sonkhani nawo pamene ena akusonkha, ngakhale kangachepe. Dzina limene laonekapo pa mndandanda wa chipepeso limawerengedwa mosiyana ndi nambala yachilendo imene yangotulukira ndi pempho. Ena anganene kuti kumeneku ndi kugula ubale, koma ine ndimaona kuti ndi mmene anthu okhala kutali ndi kwawo amayesera ngati munthu adzapezeka pa tsiku la mavuto, ndipo palibe chachinyengo pamenepo.

Tsopano tione chimene chimatopetsa anthu, pakuti ambiri amene amachichita sadziwa kuti akuchichita. Amalawi a mu Johannesburg ndi ambiri, koma magulu awo amalowerana, moti munthu mmodzi amatha kukhala m'gulu la mpingo, la kwawo ndi la dera limene amakhala. Mukatumiza uthenga umodzimodzi m'magulu onse atatu nthawi imodzi, iye amaulandira katatu, ndipo amazindikira kuti uthengawo sunalemberedwe iye kapena gulu lake. WhatsApp yokha inaika malire pa zimenezi. Uthenga ungapititsidwe kwa anthu kapena magulu osapitirira asanu nthawi imodzi, ndipo umene wadutsa m'manja mwambiri umalembedwa kuti Forwarded many times, ndipo umenewo umapita malo amodzi okha nthawi imodzi. Ena amayesa kuzemba malirewa pogwiritsa ntchito mndandanda wa Broadcast, umene umatenga manambala okwana 256, osadziwa kuti uthenga wa njira imeneyi umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Munthu amatha kuganiza kuti wafikira anthu mazana awiri pamene wafikira abale ake okha, amene akudziwa kale kuti sali pa ntchito.

Choipa kwambiri ndi kutsegula mndandanda wa mamembala a gulu n'kuyamba kulembera aliyense payekha. Munthu akalandira uthenga kuchokera ku nambala imene sanaisunge, WhatsApp imamuonetsa pomwepo mwayi wa Block, ndipo angathenso kusankha Report. Akasankha Report, mauthenga omaliza asanu amene munamutumizira amapita kwa eni WhatsApp, ndipo nambala imene ikudandaulidwa ndi anthu ambiri ingathe kutsekedwa. Kwa munthu wa maganyu, kutsekedwa kwa nambala ndi tsoka lalikulu kuposa kuchotsedwa m'gulu, chifukwa nambala imeneyo ndi imene ili m'mafoni a mabwana akale, ndipo ndi imene munthu amene anakuonani mukugwira ntchito chaka chatha angaifune lero. Palinso mbali ina imene amuna ambiri saiganizira. Mayi akalandira uthenga wa mwamuna wachilendo usiku, woyamba ndi "moni achemwali" popanda kunena chimene akufuna, saganiza za ntchito, ndipo akakauza adimini nkhani imathera pomwepo.

Pali njira yodziwira ngati anthu atopa nanu. Mukadina ndi kugwira uthenga umene munatumiza m'gulu n'kusankha Info, mumaona amene auwerenga pansi pa Read by. Ngati awerenga ambiri koma palibe wayankha, ngakhale kumbali, vuto ndi uthengawo, osati nthawi imene munautumiza, ndipo kuubwereza mawa sikusintha kanthu. Chizindikiro china ndi pamene adimini alemba mokumbutsa "tonse" za malamulo a gulu patangopita mphindi zochepa inu mutatumiza, kapena pamene asintha gulu kuti azilemba maadimini okha. Nthawi zambiri akulu athu sakutchulani dzina, koma uthengawo umakhala wanu.

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi mwatsatanetsatane. Tiyerekeze bambo wina amene amakhala ku Cosmo City, ndipo amagwira ntchito ya m'galadeni Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu pa nyumba ina ku Randpark Ridge. Lachiwiri ndi Lachinayi alibe kolowera, ndipo masiku awiri amenewo ndiwo kusiyana pakati pa kungolipira lendi ndi kutumizako kanthu kumudzi. Ali m'gulu la mpingo ndi m'gulu la anthu a kwawo. Mwezi ndi wa Novembala.

Nthawiyi ndi yabwino kwa iye pa zifukwa zimene aliyense wa m'galadeni amazidziwa. Mvula ya ku Johannesburg imagwa m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo kapinga amakula mofulumira moti sangadikire milungu itatu osatchetchedwa. Koma Disembala yemweyo ndi mwezi umene Amalawi ambiri amakwera basi kupita kumudzi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo ulendo wotere munthu sabwerako sabata imodzi. Choncho pali anthu amene ali ndi ntchito yokhazikika amene akufunafuna wowagwirira, ndipo akuda nkhawa kuti akapanda kusiya munthu, abwana adzapeza wina n'kumusunga. Bambo wathuyu sayenera kudikira pakati pa Disembala, chifukwa nthawi imeneyo makampani omanga amatseka mpaka mu Januwale, ndipo amisiri ndi othandizira awo amadzaza m'magulu kufuna maganyu omwewo. M'miyezi yozizira, Juni ndi Julayi, zinthu zimatembenuka, kapinga amaima kukula, mabwana ena amachepetsa masiku, ndipo pempho lomweli limavuta kwambiri kuyankhidwa.

Asanalembe chilichonse m'gulu, amayamba ndi abwana ake. Amawapempha zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, ngati angalole kuti munthu wofuna kumulemba ntchito awaimbire foni kufunsa za khalidwe lake. Chachiwiri, ngati angalembe okha mawu ochepa m'gulu la mumsewu mwawo, onena kuti munthu wawo wa m'galadeni, amene wakhala nawo nthawi yakuti, ali ndi masiku awiri opanda ntchito. Pempho lachiwirili ambiri amachita nalo manyazi, pomwe ndilo lamphamvu kuposa onse, chifukwa uthengawo umafika kwa olemba ntchito enieni, ndipo umachokera kwa mnzawo amene amamudziwa. Abwana ambiri sakana, pakuti munthu amene ali ndi masiku asanu odzaza m'dera limodzi safulumira kuwasiya kukafuna ntchito ya mwezi wathunthu kwina. Kwa bamboyo palinso phindu lakuti nyumba zonse zikakhala m'dera limodzi, takisi imakhala yomweyo imene anaizolowera.

Nambala ya abwana siilembedwa m'gulu, ngakhale iwo atalola kuimbiridwa. Nambala yotero ikagwera pamaso pa anthu mazana, ena amaitenga n'kuyamba kuwaimbira okha kufunsa ntchito, ndipo abwana amene avutitsidwa chonchi sadzalolanso kukhala refarensi ya munthu. Imaperekedwa kumbali, kwa munthu mmodzi amene waonetsa kuti ali ndi malo enieni.

Kenako amalembera adimini wa gulu la kwawo, kumbali, mwaulemu: "Akuluakulu, ndili ndi pempho la ntchito limene ndikufuna kuika pagulu kamodzi, kodi ndi zololedwa, kapena pali tsiku lake?" Funso limeneli limatenga mphindi imodzi koma limachita zambiri. Adimini nthawi zambiri ndi munthu amene wakhalitsa kuno, ndipo anthu opita kumudzi amayamba kuuza iye. Akhoza kuyankha kuti, "Musalembe n'komwe, pali bambo wina akunyamuka pa 10, ndikulumikizani." Akavomera kuti uthenga uikidwe, bamboyo amalemba motere:

"Moni akuluakulu nonse. Ndimagwira ntchito ya m'galadeni ku Randpark Ridge masiku atatu pa sabata, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi ndilibe kogwira. Ndimadziwa makina otchetchera kapinga a petulo ndi a magetsi, kudulira mipanda ya maluwa ndi kusamalira damu losambiramo. Ndimakhala ku Cosmo City, choncho Randburg, Northriding ndi Fourways ndimafikako mosavuta. Abwana anga avomera kupereka umboni pa foni. Ngati alipo amene akupita kumudzi mu Disembala ndipo akufuna womugwirira masiku amenewa, andilembere kumbali. Ndikulonjeza kubweza malo mwini wake akabwera. Zikomo."

Uthenga umenewu uli ndi zonse zimene munthu angafune kuti aganize mwachangu ngati ukumukhudza: mtundu wa ntchito, masiku, dera, luso, ndi umboni. Wowerenga amene abwana ake ali ku Kempton Park amaudutsa osakwiya, chifukwa waona yekha kuti ndi kutali, ndipo amene ali ku Northriding amaima. Mawu akuti "ntchito iliyonse" amachita zosiyana ndi zimenezi, chifukwa amasiyira wowerenga ntchito yonse yofunsa kuti mumadziwa chiyani, mumakhala kuti, muli ndi mapepala otani, ndipo munthu amene watopa pobwera ku ntchito safunsa mafunso amenewo. Uthengawo ukhale wolembedwa, osati wa mawu ojambulidwa. Wa mawu sumveka m'takisi kapena pa ntchito, umadya deta ya anthu, ndipo patapita milungu iwiri munthu amene wakumbukira kuti "kunali wina wa Lachinayi" sangaupeze pofufuza m'gulu, pomwe wolembedwa amangolemba liwu lakuti Lachinayi n'kuupeza. Nthawi yabwino youtumiza ndi madzulo anthu ataweruka, kapena Lamulungu masana.

M'gulu la mpingo bamboyo satumizamo uthenga womwewo. Kumeneko ndi bwino kulankhula ndi mkulu wa mpingo kapena wapampando akatuluka m'mapemphero, ndipo ngati n'koyenera kulemba, alembe mawu atsopano patapita masiku angapo.

Tinene kuti wina wayankha m'gulu kuti ali ndi malo a Lachinayi ku Northriding. Kukambirana kwina konse kuchoke pagulu. Mukadina ndi kugwira uthenga wake pali mwayi wa Reply privately, umene umatsegula macheza a awiri ndipo umaonetsa uthenga umene mukuyankha, kuti munthuyo adziwe pomwepo kumene mwachokera. Kusiyana kwa zimenezi ndi kulembera anthu mwachisawawa n'kwakuti pano iye ndiye wayamba kutsegula khomo. Zimene ayenera kugwirizana ndi zinayi kapena zisanu, ndipo ndi bwino zilembedwe m'macheza momwemo kuti pasadzakhale kukanirana: tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza, amene adzalipira, kuchuluka kwa malipiro pa tsiku, ndi ngati abwanawo auzidwa ndipo avomera. Mfundo yomalizayi ndi imene imawononga zinthu kawirikawiri. Munthu amafika pa geti m'mawa, abwana sakumudziwa, alonda a pa mpanda akukana kumulowetsa, ndipo tsiku ndi ndalama ya takisi zapita. Njira yabwino ndi yakuti mwini malo apite naye tsiku limodzi asananyamuke, amuonetse kwa abwana, amuonetse posungira zida, agalu, ndi maluwa amene adona sakufuna kuti akhudzidwe.

Pa malipiro pali poyambira podziwika. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa kuyambira pa 1 Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, amaunikidwanso chaka ndi chaka, ndipo kuyambira mu 2022 ogwira ntchito za m'makomo, kuphatikizapo a m'galadeni, ali pa mlingo womwewo ndi ena onse. Pa mlingo umenewo, tsiku la maola 8 limakwana R230.32. Ngati takisi popita ndi pobwera ikudya, tinene, R50, chotsala ndi pafupifupi R180, ndipo apa m'pamene zimaonekera chifukwa chake kutchula dera mu uthenga n'kofunika, pakuti ntchito yofuna matakisi awiri kupita ndi awiri kubwera ingathe kudya gawo lalikulu la tsikulo. Chofunika kuchimvetsa bwino ndi chakuti ndalamayo ichoke kwa abwana kupita kwa wogwira ntchito mwachindunji. Pamene abwana akutumiza malipiro kwa mwini malo amene ali kumudzi kuti iye agawireko womugwirira, mikangano siichedwa, ndipo imadzathera pagulu pomwe paja, anthu onse akuonerera.

Lonjezo lobweza malo ndi limene limayesa munthu. Zimachitika kuti abwana amakonda ntchito ya wogwirizira kuposa ya mwini malo, makamaka ngati mwini malo wachedwa kubwera chifukwa cha ndalama ya basi kapena za pa chipata, ndipo amanena kuti, "Bwanji upitirize iweyo?" Munthu amene ali ndi ana ofuna fizi mu Januwale sangachione chopepuka kukana. Koma nkhani ya munthu amene analanda malo a mnzake imayenda m'magulu onse a Amalawi mofulumira kuposa pempho lililonse la ntchito, ndipo chaka chotsatira palibe amene angamusiyire makiyi. Chanzeru ndi kuuza abwanawo kuti malo ndi a mnzanu, kumudziwitsa mwini malo zimene zanenedwa, ndi kupempha abwana atsopanowa chinthu chija chimene munapempha oyamba, kuti akutchuleni m'gulu la mumsewu mwawo. Pamenepo bambo wathu amakhala ndi mabwana awiri m'madera awiri amene angamuchitire umboni, ndipo mpata wakuti Lachinayi lake lidzaze ndi ntchito yakeyake wakula popanda kulanda ya munthu.

Nkhani ya mapepala siingasiyidwe, ngakhale kuti sikambidwa pagulu. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza, koma chilolezo chimenecho si cha ntchito, ndipo lamulo la Immigration Act la 2002 limaletsa kulemba ntchito mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito. Mabwana ena amafunsa, ena safunsa, koma m'mipanda yambiri ya nyumba zambiri alonda amafuna chiphaso asanalembe munthu m'kaundula wa olowa. Munthu amene akukutchulani ayenera kudziwa zoona zake za mapepala anu asanatsegule pakamwa kwa abwana ake, chifukwa akadzazindikira pa geti kuti munamubisira, manyazi ndi ake. Muuzeni kumbali kapena pamaso. Chithunzi cha pasipoti kapena cha pemiti chisaikidwe m'gulu, ndipo chisatumizidwe kwa munthu amene simunamuone, pakuti aliyense m'gulumo angachisunge, ndipo mapepala a munthu angagwiritsidwe ntchito pa zinthu zimene mwini wake sakuzidziwa.

Uthenga wofuna ntchito umaitananso anthu ena amene sanaitanidwe. Patangopita nthawi yochepa mutalemba, makamaka m'magulu akuluakulu aja, imabwera nambala yachilendo yonena kuti ili ndi malo ku hotela, ku fakitale kapena pa nyumba ya ku Sandton, malipiro abwino, kuyamba mawa, koma mutumize kaye ndalama ya yunifomu, ya kulembetsa kapena ya "kusungira malo." Chizindikiro chake ndi changu ndi ndalama yotsogola, ndipo mukafunsa adiresi yeniyeni kapena kupempha kulankhula ndi abwanawo, yankho limazungulira. Lamulo la Employment Services Act la 2014 limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito chifukwa chomupezera ntchito. Izi n'zosiyana ndi kuthokoza mnzanu mwa kufuna kwanu mutalandira malipiro oyamba, ngakhale kuti ndimaona kuti mwambo wa ena wogulitsana malo pa mtengo woikiratu uli pafupi kwambiri ndi zomwezo, ndipo wogula malo alibe kokadandaula abwana akamuchotsa patapita sabata. Amayi ali ndi chifukwa china chosamalira: kukaonana ndi wolemba ntchito amene wapezeka pa foni kukhale masana, pa malo a anthu ambiri, wina akudziwa kumene mwapita. Kuti nambala yanu isamangoponyedwa m'magulu osadziwika, pitani pa Settings, kenako Privacy, kenako Groups, ndipo musankhe My contacts.

Funso lotsala ndi lakuti munthu angabwereze liti ngati palibe wayankha. Palibe lamulo lolembedwa, ndipo gulu lililonse lili ndi mtima wake, koma ine ndimaona kuti milungu iwiri kapena itatu ndi mpata woyenera, ndipo pobwerera pakhale chatsopano chonena, monga kuti Lachinayi ladzaza ndipo latsala Lachiwiri lokha, kapena kuti tsopano mungafikenso ku Honeydew. Pakati pa nthawiyo pali Status, imene imakhala maola 24 ndipo imaonedwa ndi okhawo amene munasungirana manambala ndipo asankha okha kuitsegula, moti chithunzi cha kapinga wotchetchedwa bwino kapena khoma lopentedwa chingaikidwe kumeneko popanda kuliza foni ya munthu. Chithunzicho chisaonetse nambala ya nyumba, galimoto kapena geti la abwana, ndipo ndi bwino kuwapempha kaye.

Malo akapezeka, bamboyo amabwerera pagulu ndi mzere umodzi, woyankha pa uthenga wake woyamba uja, wakuti masiku aja adzaza ndipo akuthokoza amene anathandiza, osatchula dzina la abwana kapena msewu. Izi zimaletsa anthu kupitiriza kumufunira malo amene sangawagwire. Ndipo akadzamva kwa adona a ku Northriding kuti mlongo wawo akufuna munthu wa m'nyumba wogona konko, asauponye uthengawo pagulu ndi nambala ya adonawo, chifukwa foni yawo idzalira usiku wonse. Alembe mtundu wa ntchito, dera ndi masiku, anene kuti ofuna amulembere iye kumbali, asankhe awiri kapena atatu amene angawaikire umboni, ndipo apereke mayina amenewo kwa adonawo kuti aimbe okha.